Ambulera ya Maluwa m'Kalasi ya Fomu 3

Imani kaye, imani, nkhaniyi siingadikire! Malata afika! Ndipo afika ndi mwambi wake, uja mumayesa ngwa makolo akalekale. Mvetserani mmene unabadwira.

Pasukulu ya Mtengowanjiwa panali mtsikana wa Fomu 3, dzina lake Ndaziona, wokonda kuyang'ana kumwamba. Kumwambako kunali zoona zambiri, poti denga la kalasi yawo linali ngati sefa. Dzuwa likawala, timizere ta kuwala tinkatsika ngati ulusi. Mvula ikagwa, madontho ankaimba m'mabeseni, lililonse nyimbo yake, makope n'kumafewa ngati mkate wonyika mu tiyi. Mayeso anali atatsala milungu itatu.

Tsiku lina mvula ili pakati, Ndaziona anatulutsa foni yobwereka kwa achemwali ake, naitana mnzake Zione.

"Zione, khala padesiki, tambasula ambulera yako ya maluwa ija. Miyendo m'madzi momwemo. Usaseke, iwe!"

"Ndilire?"

"Ayi, aise. Nkhope ya munthu wokhuta. Ngati uli muhotela."

Zione anaumitsa nkhope, maso phee, cholembera m'manja, madzi akuyenderera m'mphepete mwa ambulera. Ndaziona anajambula, nalemba pansi pake: "Denga lathu ndi labwino kuposa onse m'boma lino. Chonde musalikhudze."

"Ikapo kankhope koseka kaja," anatero Zione.

"Ndikaika ndapha nthabwala. Mawu aime chilili ngati a pawailesi, chithunzi chiwatsutse chokha. Woona aone madzi, awerenge 'labwino', zigundane m'mutu mwake. Kusekako kumachokera pamenepo."

Anachitumiza pagulupu ya WhatsApp ya makolo ndi ophunzira akale. Anthu anagwa nazo! Ena anayankha mofananamo: "Indedi, mpaka shawa yaulere." Onse ankalidziwa dengalo, choncho palibe anasokera.

Koma wapampando wa ophunzira akale, Mayi Nasibeko, mwini chigayo cha pamsika, analibe foni ya zithunzi. Iwo ndiwo ankasunga malata makumi anayi amene gululo linasonkha, ndipo Lachisanu anayenera kunena kopita: kukalasi kapena kukhola la njinga. Tsono anatuma mlamu wawo, Bambo Kalilombe.

"Alamu, kandimverereni zimene ana akunena pagulupupo."

Bambo Kalilombe bandulo ya intaneti inali itawathera. Mawu anafika, chithunzi chinakana kutseguka. Chinangokhala mbuu ngati nkhungu ya m'mawa, mofiira muno, mwachikasu umo. Anachiyang'anitsitsa, nabwerera akumwetulira.

"Alamu, ana akuti denga ndi labwino, musalikhudze. Ajambulitsa ali m'maluwa, akusangalala."

Lachinayi Ndaziona anamva kuti malata akupita kukhola la njinga. Anathamanga osaima, kudutsa pabwalo la mpira, kudutsa ogulitsa mandasi, mpaka kuchigayo. M'katimo ufa unkayandama m'kuwala pang'onopang'ono ngati kumaloto, ndipo Mayi Nasibeko anatulukira m'menemo ali mbee mpaka nsidze.

"Ndiwe wa denga labwino uja? Mwana iwe, walemba wekha kuti tisalikhudze."

Ndaziona anagwada, napereka foni ndi manja awiri.

"Mayi, taonani kaye chithunzichi."

Mayiwo anapukuta magalasi pachitenje. Anaona ambulera. Anaona madzi ofika m'akakolo. Anaona nkhope ya Zione ili ndii ngati ya nduna pamsonkhano. Anawerenganso mawu aja, milomo ikugwedera. Kenako phwete! Anaseka mpaka ufa kuyoyoka m'duku.

"Nanga bwanji osangonena kuti denga likudontha?"

"Tinanena, mayi, makalata awiri. Madandaulo anthu amangodutsa. Koma izi amaima, n'kuseka, n'kutumizira anzawo."

"Koma zimafuna maso awiri, mwananga. Mawu okha ndi bodza loyera." Anatembenukira pakhomo. "Alamu! Tabwerani mudzaone maluwa anu aja. Akumera m'madzi!"

Bambo Kalilombe anasuzumira, nakanda m'mutu.

"Aa, ndiye inali ambulera?"

"Kandimverere anakanena za m'maluwa!" anatero Mayi Nasibeko, akupukuta misozi. Amayi onse odikira pachigayo anawalandira mawuwo, ndipo pofika madzulo anali atazungulira msika wonse.

M'mawa uno lole yatsitsa malata pakhomo pa Fomu 3, akung'anima moti Ndaziona wadziona nkhope m'menemo!

Ndiye mukadzamva wina akuti, "Kandimverere anakanena za m'maluwa," dziwani kuti akunena izi: wotumidwa kukakumvera amabwera ndi theka, theka lina n'kudzaza ndi za m'mutu mwake. Nkhani ikakhala yako, pita wekha, ukaone amene akulankhulayo waima pati, miyendo ili pouma kapena m'madzi.