Chipanda cha Wotsiriza

Chaka chimenecho mvula inakana, ndipo mumtsinje wonse munatsala chitsime chimodzi, chimene Njiri ankakumba mumchenga. Nyama zinakangana mpaka mawu kusasa. Gologolo, wamng'ono pa onse, anali atatha masiku awiri osalawa dontho.

"Amphamvu aziyamba," anatero Njati.

"Ayi, wofika msanga," anatero Gwape.

Aliyense lamulo lake linkamukwana ngati malaya osoketsa.

"Akuluakulu, ndatopa," anatero Gologolo. "Vuto n'lakuti aliyense akudzidziwa. Tiyeni tiiwale kaye. Aliyense akulunge kanthu ka pathupi pake m'tsamba, tiponye m'thumba. Tipangane lamulo tonse, popanda wokana. Tikatha titole. Wotola ubweya wa a Njati azimwa ngati Njati, wotola chikhadabo cha a Kamba azimwa ngati Kamba, mpaka mvula."

Mphamvu zokanira zinali zitatha. Onse anaponya, Gologolo n'kumanga thumba.

"Ndiye amphamvu aziyamba, eti a Njati?" anafunsa Gologolo.

Njati anayang'ana thumba lija nthawi yaitali. "Nanga ndikatola za Kamba?"

"Mudzanyambita matope, bwana."

"Iyayi, lamulolo ndi loipa. Analinena ndani?"

"Wofika msanga bwanji, a Gwape?"

"Mwandimva molakwika," anatero Gwape.

Anagwirizana kuti pasakhale wothamangitsidwa pachitsime, ndipo aliyense azilandira chipanda chimodzi. Koma madzi ankangofika theka la chipanda.

"Wokumba akamamwa pang'ono chonchi sangafike pansi," anatero Njiri. "Mumuwonjezere, madzi achuluka."

"Chabwino," anatero Njati, amene tsopano ankaganizira Kamba kuposa Kamba mwiniwake. "Koma kuwonjezako kuchititse kuti chipanda cha wotsiriza chizidzaza. Apo ayi, tonse mofanana."

Onse anavomera. Apa m'pamene Gologolo anadzipweteka. Pomanga thumba paja anali atabisa tsamba la Njiri m'tsaya.

"Wokumba azilandira zipanda zitatu," anatero Gologolo.

"Ziwiri zikwana," anatero Njiri.

"Zinayi! Ndipo enawo azimuthandiza kukumba!"

Kamba anatulutsa mutu pang'onopang'ono. "Tonsefe tikulankhula mwamantha. Uyu yekha akulankhula ngati wasuzumira kale. Tayasama, mphwanga."

"Dzino likundiwawa, achimwene."

"Yasama!" anakuwa Njati.

Tsamba linagwa pamchenga, lonyowa ndi malovu.

Panalibe wa mphamvu zomumenya. Analibwezera m'thumba, lamulo n'kukhala loti wokumba azilandira zipanda ziwiri, ndipo Gologolo sanamulole kutola. Anangomupatsira m'manja chikhadabo cha Kamba.

Kuyambira tsikulo Gologolo ankaima kumapeto kwa mzere ngati Kamba, dzuwa likumuphika, mchira uli lende. Tsamba la wokumba linagwera Njati, amene ankafukula mchenga ndi nyanga uku akutukwana. Koma Gologolo akafika pachitsime, chipanda chake chinkakhala chodzaza mpaka m'milomo.

Ankamwa mwakachetechete, n'kupukuta pakamwa.

"Amene anapanga lamuloli anali ndi nzeru," ankatero. "Chisoni n'chakuti anali ndi tsayanso."