Mkamwini Wowerenga Miyezi

Kale, ana inu, agogo a agogo athu sankadzala chifukwa choti kwagwa mvula. Ankayamba afunsa kumwamba.

Pamudzi wa pansi pa phiri la Chambe panali mayi Nasimango, amene banja lawo linkasunga mwala wopenyerapo nyenyezi. Dzuwa likalowa ankakhala pamwalapo, nkhope kum'mawa, kudikira Nsangwe, tinyenyezi tija tounjikana ngati anapiye. M'chilimwe Nsangwe zimatuluka anthu atagona, koma tsiku lililonse zimafulumirako pang'ono. Zikayamba kuoneka pamwamba pa phiri mdima ukungogwa, Nasimango ankauza a kukachisi. Mwezi watsopano ukangooneka ankathira nsembe ya mowa, anthu n'kutulutsa mbewu. Zinali zokoma masiku amenewo, mudzi wonse kudzala tsiku limodzi, nyimbo ili pakamwa.

Tsono mwana wawo Nachuma adakwatiwa ndi Kadzamira, mwamuna wakhama koma wa phuma. Iye ankawerenga miyezi pomanga mfundo pa luzi. Chaka china cha njala, mbewu itatsala nsengwa imodzi, mfundo zidakwana khumi ndi ziwiri. Apo mvula idagwa, dothi n'kununkhira.

Poti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, Kadzamira adanjuta kuseri kwa nkhokwe.

"Amayi, miyezi yakwana, mvula nayi. Tikudikiranso chiyani?"

"Bambo, iyi ndi chizimalupsa, yongotsuka phulusa la kutchire," adatero Nasimango, ali chofulatira. "Mwezi ndi wothamanga. Miyezi khumi ndi iwiri sidzaza chaka, imaperewera masiku, ndiye zaka ziwiri kapena zitatu zikapita timaonjezapo mwezi wina. Chaka chake n'chino. Nsangwe sizinafike."

"Kodi nyenyezi zimalima?" adang'ung'udza Kadzamira kwa mkazi wake.

"Sizilima, koma inu mudalimapo kumwamba kuti muzitsutse?" adayankha Nachuma.

M'mawa mwake Kadzamira adanyamula nsengwa ija, n'kudzala yonse, osasiyako ndi dzanja limodzi. Chimanga chidamera bwino ndithu, ndipo ankayenda m'munda akuimba mluzu. Kenaka kumwamba kudayera mbee. Masana dzuwa linkaima paliwombo, chithunzithunzi cha munthu n'kubisala kumapazi. Mmera udapota masamba, udagwa, udauma.

Nsangwe zitatulukira pa phiri madzulo, nsembe idathiridwa, mvula yeniyeni idabwera. Anzake akudzala, Kadzamira adangogwira khasu, nsengwa ili gwa. Nasimango adatenga mwana wawo ndi adzukulu kukawadyetsa kwawo, koma mbewu yogawira mkamwini panalibe, ndipo ya banja adamwazayo sadaibweze mpaka kufa. Pokolola, Kadzamira ankazungulira m'mitondo ya eni kupempha gaga wopetedwa.

M'pamene padachokera mawu akuti, "Fulumira adadya gaga." Wochita chinthu nthawi yake isanakwane amataya ndi chochepa chomwe anali nacho, n'kumadya zotsala za amene adadikira.